Dayi mmodzi, mitundu itatu: chimachitika nchiyani pa tsitsi lowongoledwa?

Ikayandikira Idi kapena nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, m'masaluni ang'onoang'ono a kwa Katuli ku Mangochi mumakhala mothina. Amayi ena amafuna kubisa imvi, atsikana amafuna mtundu wofiirira womwe awona pabokosi, ndipo ambiri amabwera ndi mankhwala awoawo. Ena agula pamsika, ena atumiziridwa ndi achibale a ku Joni, ena abwera nawo kuchokera ku Mozambique poti malire ali pafupi.

Dandaulo lake limakhala lofanana. Amayi awiri apaka dayi wa m'bokosi limodzi tsiku limodzi, koma wina watuluka bwinobwino pomwe mnzake mutu uli mawangamawanga, kumizu kofiira, pakati poderako, kunsonga kwakuda bii ndipo kukuduka. Mlandu umagwera wapasaluni, kapena amati dayiyo ndi wachinyengo. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri gwero lake ndi lina. Tsitsi lomwe linadutsapo mu rilakisa, pemu kapena keratini silikhalanso tsitsi lomwe opanga dayi anayeserapo mtundu wa pabokosi.

Tsitsi limasunga mbiri yake

Tsitsi limodzi lili ndi chikopa chakunja chokhala ndi timamba tosanjikizana ngati mamba a chambo. Timambati tikagona bwino, tsitsi limawala ndipo madzi kapena mankhwala salowa msanga. Mkati mwake muli timinyewa tomwe timalipatsa mphamvu, ndiponso ndi momwe muli utoto wachilengedwe wakuda uja. Timinyewato n'tomangidwa pamodzi ndi timfundo ta salifa, monga momwe luzi limagwirira mapaso a denga. Timfundoti ndi timene timachititsa kuti tsitsi likhale lolimba komanso kuti lisunge kupotana kwake.

Chofunika kudziwa nchakuti tsitsi lomwe latuluka kale pakhungu lilibe moyo. Silipola ngati chilonda. Chilichonse chomwe chalichitikira chimakhala pomwepo mpaka litametedwa. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo la anthu akuda nthawi zambiri limachedwerapo pang'ono. Choncho tsitsi lotalika masentimita 12 lanyamula zonse zomwe linapakidwa m'chaka chathunthu kapena kupitirira apo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mbiri yakeyake.

Dayi wokhalitsa, uja wosakaniza zinthu ziwiri, amadalira kuti timamba ndi timfundo tija tikhale bwino. M'kachubu muli amoniya kapena mankhwala ofanana naye, omwe amafufumitsa tsitsi kuti timamba titseguke. M'kabotolo muli perokisaidi, yemwe amagwira ntchito ziwiri: amachotsako utoto wachilengedwe, kenako amalumikiza tizidutswa ting'onoting'ono ta dayi mkati mwa tsitsi kuti tikule, tilephere kutulukanso. Mtundu womwe umaoneka pamapeto ndi kuphatikiza kwa dayi watsopanoyo ndi utoto womwe watsala mkati. Tsitsi likakhala losiyana chigawo ndi chigawo, mtundunso umasiyana.

Mankhwala atatu, mavuto atatu

Anthu ambiri amangoti "ndinapanga pemu" potanthauza mankhwala aliwonse osintha tsitsi, koma mankhwalawa ndi osiyana ndipo dayi amakumana nawo mosiyananso.

Rilakisa ndi amene wafala kwambiri kuno. Mphamvu yake imachokera ku soda woyaka kapena achibale ake. Amafufumitsa tsitsi kwambiri, amadula timfundo ta salifa tambiri, ndipo tina amatisintha kukhala timfundo ta mtundu wina tomwe sitingabwererenso mwakale. Akatswiri a khungu a pa yunivesite ya Cape Town, motsogozedwa ndi Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, anasonyeza mu 2010 kuti tsitsi lopakidwa rilakisa limakhala ndi timfundoti tochepa kusiyana ndi tsitsi lachilengedwe, kufika pofanana ndi la anthu obadwa ndi nthenda ina ya tsitsi losachedwa kuduka. Mu 2019 gulu lomwelo linayeza marilakisa 121 ogulitsidwa ku South Africa ndipo linapeza kuti ukali wake, pa muyezo wa pH, unali cha m'ma 12, womwe ndi wokwanira kuwotcha khungu. Izi zinali choncho ngakhale kwa marilakisa olembedwa kuti alibe soda woyaka ndiponso olembedwa kuti ndi a ana. Tsitsi lotere limasanduka ngati chinkhupule: limamwa dayi mwachangu, limada kuposa momwe bokosi lanenera, kenako limamutayanso msanga pochapa chifukwa timamba sititsekanso bwino.

Pemu yeniyeni, ija yopotera tsitsi pa timarola, imagwiritsa ntchito mankhwala ena a fungo ngati la dzira lovunda. Amamasula timfundo, tsitsi nkukulungidwa, kenako mankhwala achiwiri amatimanganso m'malo atsopano. Sikuti tonse timamangika, ndipo mankhwala achiwiriwo nthawi zambiri amakhala ndi perokisaidi. Ndiye kuti tsitsi la pemu lalawapo kale perokisaidi ndipo layerako pang'ono dayi asanafike. Dayi akafika, amapeza tsitsi lofooka lomwe limapotana mosiyanasiyana, ndipo malo omwe mankhwala anakhalitsa amamwa kwambiri kuposa ena.

Keratini ndi watsopano, wofala m'masaluni a m'mizinda ndi ku Joni, ndipo amafika kumudzi pamitu ya alendo ndi m'zikwama za mphatso. Sadalira kwenikweni kudula timfundo. Mankhwala amapakidwa, tsitsi limaumitsidwa, kenako limasitidwa ndi chitsulo chotentha mpaka madigiri 230 kuti mankhwalawo amatirire. Vuto lake pa dayi ndi losemphana ndi la rilakisa. Keratini akadali watsopano amakhala ngati vanishi pa thabwa, dayi salowa bwino, ndipo imvi zimatha kuonekerabe. Pakapita miyezi itatu kapena inayi amayamba kusupuka, koma sasupuka mofanana mutu wonse, kotero dayi amalowa apa nkukanika apo. Keratini akabwera pambuyo pa dayi, kutentha kwa chitsulo ndi asidi wa m'mankhwalawo zimatha kuyeretsako mtundu uja nkuupendeketsa ku chikasu kapena kufiira. Komanso amoniya wa mu dayi amafupikitsa moyo wa keratiniyo, ndalama nkupita pachabe.

Pa keratini pali chenjezo lina losakhudza mtundu. Mitundu yambiri imatulutsa mpweya wa fomadihaidi ikatenthedwa. Mpweyawu umawawa m'maso, umatsokomoletsa, ndipo nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse inauika mu 2004 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. M'kasaluni ka chipinda chimodzi kopanda zenera, amene amaupuma kwambiri ndi wogwira ntchitoyo ndi mwana amene ali kumsana.

Tiyerekeze ndi mutu umodzi

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza cha mayi wa zaka 42 amene tsitsi lake ndi lotalika masentimita 12. Amapaka rilakisa miyezi itatu iliyonse, ndipo komaliza anapaka miyezi iwiri yapitayo. Monga amachitira ambiri kunyumba, amapaka mutu wonse, kuyambira kumizu mpaka kunsonga, m'malo mopaka tsitsi latsopano lokha. Miyezi 8 yapitayo anapakanso hina wakuda kuti abise imvi. Lero wagula dayi wofiirira wokhala ndi kabotolo kolembedwa 20 vol, kutanthauza perokisaidi wa 6 pa 100 aliyense, ndipo wapaka mutu wonse kwa mphindi 30.

Tikaliwerenga tsitsi lake kuyambira pakhungu, masentimita awiri oyamba anamera pambuyo pa rilakisa womaliza. Ili ndi tsitsi lachilengedwe losakanikirana ndi imvi. Kuyambira pa sentimita 2 mpaka 5 lalawa rilakisa kamodzi. Kuyambira pa 5 mpaka 8 lalawa kawiri. Kupitirira pa 8 lalawa katatu, nsonga zenizenizo kanayi, ndipo chigawo chonsechi ndi chomwe chinaliko tsiku lomwe anapaka hina wakuda uja.

Zotsatira zake zingathe kunenedweratu. Kumizu dayi agwira monga momwe anapangidwira, ndipo awala kwambiri chifukwa kutentha kwa khungu kumafulumizitsa mankhwala pa sentimita yoyandikana nalo, komanso imvi zilibe utoto wakuda woti uphimbe kufiirako. Pakati, pomwe tsitsi lili ngati chinkhupule, dayi alowa wochuluka ndipo mtundu uoneka woderako, wosawala. Kunsonga sikusintha kanthu. Dayi wokhalitsa amatha kuyeretsako utoto wachilengedwe, koma sayeretsa dayi wakale wakuda. Perokisaidi uja amangodya timfundo tochepa tomwe tinatsala, ndipo popesa nsongazo zimayoyokera pa chitenje.

Nkhani siithera pamenepo. Akachapa kangapo, chigawo chapakati chija chiyamba kutaya dayi msanga kuposa kumizu, nkusanduka chofiira motuwa. Apa mpamene ambiri amalakwitsa kachiwiri: amagula bokosi lina nkupakanso mutu wonse kuti akonze. Kupakanso kumangowonjezera maenje m'tsitsi, kotero dayi wachiwiriyo amachoka msanga kuposa woyamba.

Akanachita bwanji? Akanayamba ndi kudula nsonga zofookazo. Dayi wokhalitsa akanampaka pa masentimita awiri akumizu okha, pomwe pali imvi zatsopano. Chigawo chowongoledwacho chikanalandira dayi wosakhalitsa, uja wosasakaniza ndi kabotolo, amene amangomatirira pamwamba nkumachoka pang'onopang'ono pochapa. Akanasankhanso mtundu wosasiyana kwambiri ndi wakuda wa kunsonga. Ndipo ulendo wotsatira wa rilakisa, akanapaka tsitsi latsopano lokha.

Hina si mmodzi

Hina amadziwika bwino m'madera a Asilamu monga kwa Katuli ndi ku Namwera, ndipo ambiri samuwerengera m'gulu la mankhwala chifukwa amati ndi masamba. Hina weniweni ndi ufa wobiriwira wonunkhira ngati udzu wouma. Amapereka mtundu umodzi wokha, wofiira mopendekera ku lalanje, ndipo amafuna maola angapo kuti agwire. Ngakhale iyeyu amamatirira zolimba pa tsitsi, kotero dayi wobwera pambuyo pake amatuluka mosiyana ndi pabokosi.

Hina wakuda kulibe m'chilengedwe. Ufa umene ukudetsa tsitsi bii pa mphindi 20 kapena 30 wathiridwa china, ndipo kawirikawiri chimakhala mankhwala otchedwa PPD, omwe amapezekanso mu madayi ambiri akuda. Maufa ena amathiridwa mchere wa zitsulo. Mcherewu ukatsalira m'tsitsi nkukumana ndi perokisaidi, tsitsi limatha kutentha m'manja, kusanduka lobiriwira motuwa kapena kuduka pomwepo. Timapaketi tambiri ta pamsika sitilemba zomwe zili mkati, choncho munthu sangadziwe chomwe anapaka chaka chatha. Nchifukwa chake kuyesa kaye kuli kofunika kuposa kukumbukira.

Mayeso awiri osalira ndalama

Kuyesa koyamba ndi kwa tsitsi. Dulani kamtolo kakang'ono kumbuyo kwa mutu, kuyambira pafupi ndi khungu kuti zigawo zonse zikhalepo, nkukamanga ndi ulusi kumizu. Musanapake kanthu, nyowetsani tsitsi limodzi nkulikoka pang'onopang'ono. Tsitsi labwino limatamuka pang'ono nkubwerera. Likangoduka, kapena likatamuka ngati chingamu osabwerera, silingapirire dayi wokhalitsa ndipo nkhani yathera pomwepo. Likapambana, sakanizani dayi pang'ono m'kambale ka pulasitiki, osati kachitsulo, pa muyezo womwe pepala la m'bokosi lanena. Pakani kamtoloko, dikirani mphindi zomwe zalembedwa, tsukani, umitsani ndipo mukaone panja powala. Mitundu yomwe ili pakamtoloko ndi yomwe idzakhale pamutu. Kakatentha, kakatulutsa fungo lachilendo kapena kakanyenyeka, musapake.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa khungu, ndipo kumafuna maola 48. Pakani kadontho kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono motsatira zomwe pepala lanena, kenako muziyang'anapo kwa masiku awiri. Pakayabwa, pakatupa kapena pakatuluka timatuza, thupi lanu likudana ndi dayiyo. Kuyesaku nkofunika ulendo uliwonse, ngakhale mwapaka dayi yemweyo kwa zaka zambiri, chifukwa thupi limatha kuyamba kudana ndi PPD nthawi iliyonse, ndipo likayamba silisiya. Amene anatupapo atajambulidwa hina wakuda m'manja asayerekeze nkomwe kupaka dayi wakuda. Kupambana mayesowa kumachepetsa ngozi koma sikuichotseratu.

Rilakisa amawonjezera ngoziyi chifukwa nthawi zambiri amasiya timabala m'mutu, ngakhale tosaoneka, ndipo mankhwala a mu dayi amalowa mosavuta pakhungu lotere. Choncho dayi wokhalitsa asapakidwe tsiku limodzi ndi rilakisa kapena pemu. Papite masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo m'mutu mukhale mulibe chilonda kapena nkhanambo. Pa keratini, masaluni ambiri amayamba ndi dayi kapena amadikira masabata awiri pambuyo pake. Mankhwala oyeretseratu tsitsi kuti likhale lachikasu, komanso mabotolo olembedwa 30 vol kapena 40 vol, asayandikire tsitsi la rilakisa. Pemu yopota nayonso isapakidwe pa tsitsi la rilakisa, chifukwa awiriwa akakumana tsitsi limaduka.

Zikavuta

Pali mavuto awiri omwe makolo ndi anthu ongodzipereka pa zaumoyo ayenera kuwasiyanitsa. Kupsa ndi mankhwala kumamveka nthawi yomweyo: m'mutu mumatentha ngati moto mankhwala akadali pamutu. Apa palibe kupirira kuti mtundu ugwire. Tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20, mutu utapendekera kumbuyo kuti madziwo asalowe m'maso. Akalowa m'maso, tsukaninso maso nthawi yofananayo nkupita kuchipatala. Pamalo pakupsapo musapake mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano kapena phulusa.

Kudana kwa thupi ndi PPD kumachedwa. Munthu amachoka kusaluni ali bwinobwino, koma pakapita tsiku limodzi mpaka atatu mumayamba kuyabwa m'makutu, pamphumi ndi pakhosi, kenako zikope zimatupa, m'mutu nkumatuluka madzi. Poti dayi anapakidwa dzana, ambiri samuganizira, amayamba kukayikira chakudya kapena anthu. Wodzipereka pa zaumoyo akaona nkhope yotupa motere afunse funso limodzi: sabata ino mwapaka chiyani m'mutu? Wodwalayo apite kuchipatala cha Katuli kapena china chapafupi atanyamula bokosi kapena paketi ya zomwe anapaka. Ngati milomo kapena lilime zatupa, mawu asasa, kapena akubanika popuma, si za mawa ayi. Pafunika galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo, ndipo achipatala ndi amene angaone ngati akufunika kutumizidwa kuchipatala chachikulu cha Mangochi.

Ufa wa dayi wakuda ndi poizoni woopsa ukamwedwa. Umatupitsa khosi mpaka kutseka mpweya, umadetsa mkodzo ndipo umawononga impso. Usamasungidwe pamodzi ndi mchere, shuga kapena masamba a tiyi, ndipo wotsala mu mbale asasiyidwe pakhonde pomwe ana akukwawa. Mwana akamwa, musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala.

Kwa makolo a atsikana, mabokosi ambiri a dayi wokhalitsa amalemba kuti si wa ana osakwana zaka 16. Mtsikana amene anayamba rilakisa ali wamng'ono amafika pa msinkhu wofuna dayi tsitsi lake litafooka kale, ndipo akayamba kudana ndi PPD pa zaka 14 adzakhala nalo vutolo mpaka nthawi yomwe adzafune kubisa imvi.

Kwa apasaluni, chida chothandiza kwambiri ndi kope. Lembani tsiku lomwe kasitomala anapaka rilakisa, pemu, keratini, hina kapena dayi, ndipo amene akubwera koyamba mumufunse za chaka chonse chapitacho, osati za mwezi watha wokha. Valani magolovesi, tsegulani chitseko ndi zenera, ndipo kamtolo kakalephera mayeso muuzeni mosabisa. Ukwati ukakhala Loweruka, mayeso onse awiri achitike Lachiwiri kuti pofika Lachinayi yankho likhale litadziwika. Likakhala lakuti ayi, duku labwino kapena kuluka kosakoka kwambiri kumufikitsa mayiyo ku ukwatiko tsitsi lake lili pamutu.